Kutuma wamng'ono pantchito: kalongosoledwe ka ntchito, zipangizo ndi nthawi yomalizira

Ntchito zambiri zimene zimabwera zitapindika m'maofesi a mu Blantyre muno zimakhala kuti zinapindikira pakamwa pa wotuma. Bwana akudutsa m'khonde, foni ili kukhutu, n'kungoponya mawu: "Achimwene, mukaone za mabuku aja." Wamng'onoyo amayankha kuti "Chabwino bwana," chifukwa ndi mmene tinaleredwera. Munthu wamkulu akalankhula sumupanikiza ndi mafunso. Koma "chabwino" ameneyu ndi ulemu chabe, si umboni woti munthu wamva chimene mukufuna. Malangizo onse ali m'munsimu atsamira pa mfundo imeneyi: konzani katumidwe kanu mwakuti ngati munthu sanamvetse, mudziwe lero, osati tsiku limene ntchito ikufunika.

Kuti zimveke, titsatira ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Tiyerekeze kuti ofesi yanu ili ku Ginnery Corner, ndipo Lachinayi la sabata ya mawa muli ndi maphunziro a anthu 40. Pakufunika timabuku tosindikiza. Malamulo a ofesi yanu amati musanagule chinthu chotere pakhale makoteshoni atatu ochokera kwa osindikiza osiyana. Lero ndi Lolemba m'mawa, ndipo mukufuna kutuma mnyamata amene wangotha miyezi yochepa chilembedwere ntchito. Mitengo ndi masiku amene nditchule ndi ongoyerekeza.

Yambani ndi inu nokha, musanamuitane

Tengani pepala mulembe chiganizo chimodzi chonena chimene chidzakhale patebulo panu ntchitoyo ikatha. Osati chimene munthuyo azikachita, koma chimene inu mudzagwire m'manja. "Kuona za mabuku" si chinthu chogwirika. Ichi n'chogwirika: makoteshoni atatu olembedwa, a timabuku 45, pamodzi ndi pepala limodzi loyerekeza mitengo yake ndi masiku amene wosindikiza aliyense akufuna. Tikuti 45 osati 40 chifukwa ophunzitsa afunika awo, ndipo limodzi litsale mufayilo.

Ngati chiganizo chimenechi chikukukanikani kulemba, ntchitoyo sinapse, musatume munthu. Nthawi zambiri wotuma amakhala kuti iye mwini sanaganize bwino chimene akufuna, ndipo amayembekeza kuti adzachizindikira akadzachiona. Wamng'ono amayenda maulendo awiri atatu ku Limbe kufunafuna chinthu chimene chikadali m'mutu mwa bwana.

Pomwepo dulaninso malire a ntchitoyo. Kutolera makoteshoni mungatume. Kusankha wosindikiza, kusayina chikalata choitanitsira katundu chimene timachitchula kuti LPO, ndi kuvomereza kuti ndalama zituluke, zimenezo ndi zanu kapena za komiti yogula zinthu. Momwemonso nambala zachinsinsi za kubanki, nkhani za malipiro a anthu ndi milandu ya ogwira ntchito anzake, si zopatsa wamng'ono ngakhale atakhala wochenjera chotani. Ndipo dziwani kuti ntchito mwapereka koma mlandu sunachoke pa inu. Mabuku akapanda kufika Lachinayi, akuluakulu adzafunsa inu. Paja mutu ukakula sulewa nkhonya.

Werengani masiku chobwerera m'mbuyo

Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya, choncho tikhalapo pang'ono. Nthawi yomalizira ya wamng'onoyo si tsiku la maphunziro. Ntchito yake ndi chiyambi chabe, ndipo pambuyo pake pali anthu ena amene akufunanso nthawi yawo. Yambirani kumapeto muzibwerera.

Maphunziro ali Lachinayi la sabata ya mawa. Mabuku afike muofesi Lachiwiri madzulo, kuti Lachitatu likhale tsiku lopumira. Tsiku limeneli musalione ngati lotayika. Magetsi akazima kwa wosindikiza amene alibe jenereta, kapena mabuku akabwera masamba atasemphana, ndi tsiku lokhalo limene lingakupulumutseni. Tinene kuti wosindikiza amafuna masiku atatu a ntchito mukavomereza chitsanzo choyamba: Lachisanu, Lolemba ndi Lachiwiri. Ndiye kuti chitsanzocho muchione ndi kuchivomereza Lachinayi la sabata ino. Wosindikiza sangayambe asanaone LPO, ndipo a ku akaunti amafuna tsiku lathunthu kuti mapepala adutse m'manja mwa osayina onse. Limenelo ndi Lachitatu. Choncho makoteshoni akufunika mawa Lachiwiri.

Mwaona mmene zasinthira? Ntchito imene imaoneka ngati ili ndi sabata yoposa imodzi, wamng'onoyo ali ndi tsiku limodzi ndi theka basi. Mukanangomuuza kuti maphunziro ali sabata ya mawa, iye akanabweretsa makoteshoni Lachisanu, mtima uli m'malo, akuganiza kuti wafulumira.

Nthawi yomalizira ikhale ndi tsiku ndi ola. Mawu oti "mwachangu", "posachedwa" ndi "sabata ino" aliyense amawamva mwake. Nenani kuti Lachiwiri 3 koloko masana. Ndasankha 3 koloko osati nthawi yowerukira chifukwa mukufuna maola oti muwerenge, ndipo ngati pali cholakwika aimbe foni osindikiza asanatseke. Kenako muuzeni chifukwa chake: a ku akaunti akufuna mapepala Lachitatu m'mawa, tikaphonya pamenepo mabuku sadzafika. Munthu amene akudziwa chimene chikudikira ntchito yake amaisamala mosiyana ndi amene wangopatsidwa ola lopanda chifukwa.

Yang'ananinso kalendala. Masiku a tchuthi monga 15 Januwale, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julaye ndi 15 Okutobala amadya tsiku la ntchito mwakachetechete. Lachisanu masana masitolo ambiri a ku Limbe amatseka kwa kanthawi eni ake akapita kumzikiti, ndiye ulendo wa nthawi imeneyo ukhoza kupita pachabe. Chinthu chimodzi chimene sindigwirizana nacho ndi kunamiza munthu tsiku, kumuuza Lolemba pamene mukufuna Lachitatu. Akangozindikira kamodzi, masiku anu onse aziwachotsera yekha.

Khalani naye pansi

Muitaneni, akhale pampando, foni yanu muiike pambali. Mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu n'zokwanira. Muuzeni abwere ndi kope ndi cholembera. Funso loyamba lisakhale la ntchito yatsopanoyi ayi, koma la zimene ali nazo kale: "Lero ndi mawa muli ndi chiyani m'manja?" M'maofesi ambiri wamng'ono amatumidwa ndi aliyense, ndipo sangayerekeze kuuza bwana mmodzi kuti bwana wina wamupatsa kale ntchito. Amangovomera zonse n'kumavutika chamumtima. Mukapeza kuti madamu a ku akaunti amutuma kukapereka makalata ku Msonkho House mawa m'mawa, inuyo ndi amene mukalankhule nawo kuti zisinthidwe. Musamusiyire iye kuti asankhe pakati pa akuluakulu awiri.

Kenako fotokozani cholinga mwachidule, n'kufika pa tsatanetsatane. Pa ntchito ya makoteshoni tsatanetsatane ndiye ntchitoyo, chifukwa osindikiza atatu akapatsidwa mawu osiyana, mitengo yawo singayerekezedwe. Wina adzawerengera pepala lalikulu, wina laling'ono, wina masamba onse amitundu. Choncho lembani chofunikacho papepala limodzi, ndipo wosindikiza aliyense apatsidwe pepala lomwelo: timabuku 45, kukula kwa A5, masamba 24, m'kati mwakuda ndi moyera, chikuto chamitundu papepala lolimba, kumanga ndi mawaya awiri pakati. Muuzeni chifukwa chake masamba ali 24: kabuku kopinda pakati kamapangidwa ndi mapepala amene lililonse limatulutsa masamba anayi, ndiye chiwerengero chimayenera kugawika ndi 4. Wosindikiza akamuuza kuti fayilo ili ndi masamba 25 ndipo awerengera 28, asadabwe, koma akuimbireni.

Mufotokozereninso chimene chimapangitsa koteshoni kukhala yovomerezeka kwa a ku akaunti. Ikhale papepala la kampaniyo, yokhala ndi adiresi ndi foni, nambala ya msonkho ya TPIN, deti, siginecha ndi chidindo. Ilembedwe m'dzina la ofesi yanu, osati la iye. Ionetse ngati msonkho wa VAT uli kale m'kati mwa mtengo kapena ayi. Inene masiku amene mtengowo ukhale usanasinthe, masiku osindikizira, ndiponso ngati akufuna ndalama zoyambira.

Ziwiri mwa zimenezi ndi zimene zimagwetsa anthu atsopano. Choyamba ndi msonkho. Wosindikiza wina alemba K2,000 kabuku kamodzi, wina K2,250. Wamng'ono athamangira kunena kuti woyambayo ndi wotchipa. Koma ngati K2,000 ija ilibe VAT pamene K2,250 ili nayo kale, mukawonjezera msonkho woyambayo apitirira K2,300, ndipo wotchipa ndi wachiwiriyo. Muonetseni chitsanzo chimenechi ndi cholembera, asachoke asanachimvetse. Chachiwiri ndi nthawi ya mtengo. Mapepala ndi inki zambiri zimachokera kunja, ndipo chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amalonda sakonda kumangidwa pa mtengo umodzi kwa nthawi yaitali. Koteshoni imene ikutha mphamvu mawa ilibe ntchito kwa inu, chifukwa LPO ituluka Lachitatu. Apemphe kuti mtengo ukhale wosasintha kwa masiku osachepera asanu ndi awiri.

Njira yoyendera musiyireni. Kaya ayambira m'tauni cha ku Haile Selassie kenako Limbe, kaya ayamba waimba mafoni, zimenezo ndi zake. Mukamulembera phazi lililonse, ndiye kuti mwagwira ntchitoyo nokha ndi miyendo ya munthu wina, ndipo iye saphunzirapo kanthu.

Malire a mphamvu zake

Nenani momveka zinthu zitatu: zimene angasankhe yekha, zimene ayenera kukufunsani kaye, ndi zimene sayenera kuchita n'komwe. Pa ntchito yathuyi, angasankhe yekha osindikiza oti awafikire, bola akhale makampani osiyana. Akufunseni kaye ngati wosindikiza akufuna kusintha mtundu wa pepala kapena kamangidwe. Asalonjeze aliyense kuti ntchito ndi yake, asasayine chilichonse, asasiye ndalama.

Pali nkhani ina yovuta kuitchula koma muitchule ndithu, chifukwa akakumana nayo kunjako ali yekha. Wamalonda wina akhoza kumuuza kuti, "Musavutike kuyendayenda achimwene, makoteshoni atatu onsewo ndikupezerani pompano," mwinanso n'kumulonjeza kangachepe. Mnyamata amene watopa ndi dzuwa, ndalama ya thiransipoti yatsala pang'ono, akhoza kuona ngati wathandizidwa. Muuzeni pasadakhale kuti zimenezo ndi zoletsedwa, ndipo zikachitika adzakuuzeni popanda mantha. Inunso dziwani kuzizindikira: makoteshoni ochokera m'dzanja limodzi amakhala ndi kalembedwe kofanana, mawu olakwika pamalo amodzimodzi, nambala ya foni yobwerezeka, ndipo mitengo iwiri imakhala yokwera mwadala kuti wachitatu apambane. Oyendera mabuku a ndalama akadzazipeza, dzina limene lili pansi pa LPO ndi lanu.

Mupatseni zogwirira ntchito asanatuluke pakhomo

Wamng'ono sapempha ndalama kwa bwana mosavuta. Amadula m'thumba mwake, kapena kuyenda wapansi kuchokera ku Ginnery Corner mpaka ku Chichiri, n'kubwera mochedwa osanena chifukwa. Choncho musadikire kuti apemphe. Werengerani limodzi maulendo a minibasi, kupita m'tauni ndi kubwerera, kupita ku Limbe ndi kubwerera, muwonjezere ulendo umodzi wapadera chifukwa kawirikawiri mwini kampani sapezeka ndipo amati mubwerenso. Ndalamazo zituluke lero kudzera pa vocha, kapena mumutumizire pa Airtel Money kapena Mpamba pamodzi ndi yotapira. Makondakitala ndi akabaza sapereka risiti, ndiye gwirizanani tsopano mmene adzafotokozere ndalamazo: kapepala kolemba ulendo uliwonse ndi mtengo wake, iye asayine, inu musayine. Popanda zimenezi mudzakangana ndi a ku akaunti kumapeto kwa mwezi pa ndalama yochepa.

Mayunitsi ndi bandulo ndi zipangizo za ntchito ngati cholembera. Mumufuna aziimba ndi kutumiza zithunzi, ndiye mugulireni. Fayilo ya kabuku mupatseni ya PDF, pa fulashi ndi pa foni pomwe, ndipo mutsimikize kuti ndi yomaliza. Mupatseni koteshoni yakale yabwino ndi pepala lakale loyerekeza mitengo kuti aone maonekedwe ake. Chitsanzo chimodzi chogwirika chimachepetsa mafunso ambiri.

Chipangizo chimene anthu amaiwala ndi dzina lanu. Mnyamata wosadziwika akalowa pakampani n'kupempha koteshoni, akhoza kukhala pabenchi ola lathunthu. Imbani foni kapena lembani imelo ya mizere iwiri kwa osindikiza amene mumawadziwa: kukubwera mnzathu wa muofesi, muthandizeni. Auzeninso a ku akaunti ndi a pachipata kuti mwamutuma ndinu. Pomaliza muuzeni kumene inu mudzakhale. Ngati mawa m'mawa muli mumsonkhano ku Mount Pleasant foni itazimitsidwa, atchulidwe munthu wina amene angayankhe mafunso ake.

Abwereze m'mawu ake

Musafunse kuti "Mwamva?" Yankho lake mukulidziwa kale. Musafunsenso kuti "Pali funso?" chifukwa kufunsa pamaso pa bwana ambiri amakuona ngati kudzionetsa umbuli, ngakhale tonse timadziwa kuti safunsa anadya phula. M'malo mwake senzani inuyo kukayikako: "Achimwene, mwina ine ndalumpha zina pofotokoza. Tandiuzani mmene mwamvera, ndi pamene muyambire mukatuluka muno." Mukatero simukumuyesa mayeso, mukuyesa kafotokozedwe kanu, ndipo amamasuka.

Mvetserani osamudula. Akhoza kunena kuti, "Ndipita kwa osindikiza atatu, ndikafunsa mitengo, ndidzakuuzani mawa." M'chiganizo chimenechi muli mabowo atatu. "Ndikafunsa mitengo" ndiye kuti akuganiza za mtengo wapakamwa, osati wolembedwa. "Ndidzakuuzani" ndiye kuti pepala loyerekeza lija silinalowe. "Mawa" alibe ola. Konzani modekha zitatuzo, kenako mufunse funso lina lothandiza kwambiri: "Mukuona kuti chingakuvuteni n'chiyani?" Apa ndi pamene mungamve kuti sadziwa kupanga tebulo pa Excel, kapena kuti mawa m'mawa akuperekeza mayi ake kuchipatala. Ndi bwino kuzimva Lolemba.

Ngati amene mukumutumayo ndi wamkulu msinkhu kuposa inu, zimene zimachitika kawirikawiri, tsatanetsatane asachepe chifukwa cha manyazi. Chimene chimasintha ndi kalankhulidwe: "Bambo, ndimati mundithandize," ndipo mufunse maganizo awo pa osindikiza, poti mwina akuwadziwa bwino kuposa inu. Ola ndi tsiku zinenedwe chimodzimodzi.

Lembani zimene mwagwirizana

Akangotuluka, tumizani uthenga waufupi pa imelo kapena pa WhatsApp. Uthenga wa mawu ojambula si wabwino pa zimenezi, chifukwa munthu sangaufufuze msanga ali pakauntala ya wosindikiza. Ukhoza kukhala wotere:

"Achimwene, monga takambirana: makoteshoni atatu olembedwa a timabuku 45, motsatira pepala ndakupatsani lija, pamodzi ndi tebulo loyerekeza mitengo yokhala ndi VAT ndi masiku osindikizira. Zifike patebulo panga mawa Lachiwiri 3 koloko masana. Lero 4 koloko munditumizire chithunzi cha koteshoni imene mwapeza. Musalonjeze ntchito kwa aliyense. Chikavuta imbani nthawi yomweyo, musadikire mawa."

Uthengawu umateteza nonse awiri. Iye ali ndi poyang'ana akaiwala, ndipo inu simungadzasinthe mawu n'kunena kuti munatchula zina.

Onani ntchito ili pakati

Mwaona kuti muuthengamo muli 4 koloko ya lero. Nthawi yoonera ntchito igwirizanidwe pachiyambi, kuti isaoneke ngati mukumulonda. Iikeni koyambirira, pamene cholakwika chikadali chotchipa kukonza. Kwa munthu watsopano pa ntchito ya masiku awiri, kamodzi n'kokwanira. Kuimba ola lililonse kumangomusokoneza, ndipo amayamba kudikira inu pa chilichonse.

Pa nthawiyo musafunse kuti "Zikuyenda?" chifukwa adzati zikuyenda. Pemphani kuona chinthu. Tinene kuti 4 koloko yakwana, chithunzi chabwera, ndipo koteshoniyo yalembedwa A4 m'malo mwa A5, komanso sikunena za VAT. Mwapeza vuto pa koteshoni imodzi, asanatenge zina ziwiri zolakwika chimodzimodzi. Mufunseni ngati anapereka pepala lija kapena anangofotokoza pakamwa. Nthawi zambiri mupeza kuti pepala linatsala m'chikwama. Mawa m'mawa adutsirenso komweko, ndipo kwa ena awiriwo apereke pepala.

4 koloko ikadutsa kuli zii, imbani inuyo. Kukhala chete kwa wamng'ono kawirikawiri sikutanthauza kuti zonse zili bwino. Kumatanthauza kuti china chavuta ndipo akuyesa kuchikonza yekha bwana asanadziwe. Zizindikiro zina ndi mayankho osatchula dzina la kampani kapena nambala, mawu oti "ndatsala pang'ono" obwerezedwa kawiri, ndi kukuzembani m'khonde. Mmene mungalandirire nkhani yoipa yoyamba ndi zimene zidzagamule ngati adzakuuzeninso yachiwiri. Mukakalipa, ulendo wina mudzaimva mochedwa.

Chenjerani ndi ntchito yobwerera kwa mwini wake. Akabwera n'kunena kuti, "Bwana, wachitatu uja akukana kulemba koteshoni," dzanja lanu lithamangira pafoni kuti muimbe nokha. Dikirani kaye. Mufunseni: "Inu mukuganiza kuti tichite chiyani?" Mwina anena kuti pali wina ku Limbe amene angamufikire isanakwane 12 koloko. Muuzeni apite. Mukailanda, mwamuphunzitsa kuti ntchito ikalimba amaibweza, ndipo inu mwabwerera pamene munayambira. Kulanda kuli ndi malo ake, pamene nthawi yatheratu kapena pamene pakufunika mawu a munthu waudindo, koma muzimuuza chifukwa chake.

Musaiwalenso kuti nthawi yomalizira imene ikukakamiza munthu kugwira usiku kapena Loweruka si yaulere. Lamulo la ntchito la Employment Act la 2000 limaika malire a maola 48 pa sabata pa ntchito ya masiku onse, ndipo maola owonjezera ali ndi malipiro ake. Kuwonjezera apo, amene amakhala ku Bangwe, ku Chilomoni kapena ku Machinjiri akaweruka mdima utagwa amavutika mayendedwe. Ngati ntchito singatheke m'maola a ntchito, chepetsani ntchitoyo kapena muwonjezere munthu.

Kulandira ntchito

Lachiwiri 3 koloko, werengani mapepalawo iye ali pomwepo, kapena pasanathe ola. Palibe chofooketsa ngati kuthamangitsidwa ndi ntchito kenako n'kuiona itagona patebulo la bwana mpaka Lachisanu. Yerekezani ndi chiganizo chija munalemba Lolemba m'mawa, osati ndi maganizo atsopano amene akubwererani lero. Makoteshoni alipo atatu? Onse akunena za kabuku kamodzimodzi? Mitengo ya patebulo yonse ili ndi msonkho? Tengani kakyuleta muchulukitse nokha mzere umodzi.

Mukapeza cholakwika, yambani mwadzifunsa kumene chachokera. Ngati simunatchule, ndi chanu, ndipo mungonena kuti ulendo wina tidzawonjezere chakuti. Ngati munatchula ndipo chili muuthenga, muonetseni pamzere pomwepo, muli awiri, chitseko chotseka, ndipo akonze yekha. Kukonza inuyo mwakachetechete kumafulumira lero, koma cholakwikacho chidzabweranso mwezi wa mawa. Poyamikira tchulani chinthu chenicheni: "Mwachita bwino kufunsa za ndalama zoyambira, a ku akaunti akanatibweza." Ndipo popereka mapepala ku akaunti, nenani amene wawatolera.

Nanga 3 koloko ikakwana makoteshoni ali awiri okha? Musamuuze kuti akapeze koteshoni yachitatu mwa njira iliyonse, chifukwa mawu amenewo ndi amene amabala makoteshoni abodza aja. Onani nthawi imene yatsala. A ku akaunti akufuna mapepala Lachitatu m'mawa, ndiye wosindikiza wachitatu akhoza kutumiza yake pa imelo madzulo ano kapena 8 koloko mawa. Zikakanika, mnyamatayo alembe mwachidule makampani amene anawafikira, nthawi yake ndi zimene anayankha, inu mupite nazo kwa amene ali ndi mphamvu yovomereza kuti mugule ndi makoteshoni awiri, ngati malamulo a ofesi yanu amalola. Zimenezo ndi za inu, osati za iye.

Ntchito ikayenda bwino, gawo lotsatira lili pafupi: Lachinayi pakufunika munthu wokatenga chitsanzo choyamba kwa wosindikiza. Mutumeni yemweyo, ndipo ulendo uno muwonjezereni mphamvu pang'ono. Ayambe iye kuchiona asanakupatseni: awerenge manambala a masamba kuyambira 1 mpaka 24, aone ngati mawu sanadulidwe m'mphepete, ngati dzina la ofesi ndi deti la maphunziro zalembedwa molondola pachikuto, ndiponso ngati zilembo monga ng' sizinasanduke timabokosi. Alembe zimene wapeza papepala, abwere nazo isanakwane 11 koloko, kuti inu musayine chitsanzocho ndipo chibwerere kwa wosindikiza tsiku lomwelo.